Foni yolira m'chikuta

Panali pa 14 mwezi, dzuwa litapendeka, pamene ndinaimbira foni mayi amene anali asanatuluke n'komwe m'chikuta. Ndinkadziwa kuti ndikulakwa. Kwathu kuno mayi akangochira, ngakhale achibale amayamba afunsa kaye asanalowe m'nyumba, ndiye ine ndinali ndani, mtsikana wa ku ofesi, kuti ndiwadzutse ndi nkhani ya msonkho? Koma kompyuta inali itaima, ikufuna nambala yachinsinsi imene banki inatumiza, ndipo nambalayo inali itagwera pafoni yawo, pambali pa khanda la masiku asanu.

"Pepani amayi, ndakusokonezani," ndinatero.

"Palibe kanthu, mwana wanga. Lemba msanga isanathe mphamvu."

Anawerenga manambalawo ndi mawu a munthu amene sanagone. Pamene ndinkamaliza kulemba, nthawi ya nambalayo inali itatha, ndipo ndinaimbanso. Tsiku limenelo ndinawaimbira kanayi, chifukwa msonkho wa pa malipiro a antchito, msonkho wodula pa ndalama za otigulitsa katundu ndi ndalama za penshoni, chilichonse chinkafuna nambala yakeyake.

Chodabwitsa n'chakuti mayiwo sanachoke chimanjamanja. Anandisiyira kalata ya masamba asanu ndi limodzi, yotayipa bwino, yokhala ndi mitu yake. Ku ofesi timaitcha ya mahandova. Inafotokoza ntchito zonse za akauntanti wa kampani yathu, imene inali ku Limbe ndipo inkagulitsa zipangizo zaulimi. Koma sinatchule kuti banki imadziwa foni imodzi yokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikuwanena mayiwo, chifukwa chinthu chimene munthu amachita mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri chimasiya kuoneka ngati ntchito, ndipo polemba sachikumbukira. Patapita zaka, ine nditakhala pampando wawo uja, nthawi yanga yokachira inakwana. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinachita kuti foni yanga isalire monga inalirira yawo.

Masabata 8 si masabata awiri

Lamulo la zolemba ntchito la m'chaka cha 2000, pa gawo 47, limapatsa mayi wapantchito tchuthi chauchembere chosachepera masabata 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Lamuloli litakonzedwanso mu 2021, abambo nawo anapatsidwa masabata awiri. Tchuthi chapachaka ndi masiku 15 kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi, ndipo amayi ambiri amachilumikiza ku chauchembere kuti atalikitseko. Pangano la bungwe la ILO la m'chaka cha 2000 limanena masabata 14. Athuwa ndi ochepa kale, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona ofesi ikubanso pa ochepawo ndi mafoni.

Tchuthi cha masabata awiri chimakhululuka zambiri. Invoisi ikhoza kudikira, wofunsa akhoza kuuzidwa kuti abwerenso. Masabata 8 amadutsa malipiro a miyezi iwiri, masiku a misonkho kawiri, ndipo kawirikawiri amadutsanso kutha kwa miyezi itatu, pamene ntchito zosachitika mwezi ndi mwezi zimatulukira. Palibe chodikira. Munthu wina ayenera kugwira ntchitoyo yonse, yekha, ngati kuti mwini wake kulibe.

Komanso mwana sawerenga kalendala. Tsiku limene a kusikelo amalemba m'buku ndi la sabata ya 40, koma kuyambira sabata ya 37 mwana akhoza kubwera tsiku lililonse ndipo achipatala sadabwa. Ena amafika ngakhale isanakwane imeneyo. Amene amati adzalemba kalata yake m'sabata yomaliza akubetcha ndi chinthu chimene sangachilamule. Ine ndinagwirizana ndi abwana kuti ndidzayamba tchuthi Lolemba pa 3 Juni ndi kubwerera Lolemba pa 29 Julayi, koma kulemba ndinayamba pa 1 Epulo.

Sindinayambe ndi kalata. Ndinagula kope la ana asukulu n'kuliika pambali pa kompyuta, ndipo kwa mwezi wathunthu chilichonse chimene ndachita ndinkachilemba nthawi yomweyo: ndatsegula fayilo yanji, ndaimbira ndani, ndasainitsa kwa yani, foni yanga yalandira chiyani kuchokera kubanki. Kalata yolemba pokumbukira imatuluka ngati chikalata chija amakupatsa polembedwa ntchito, chonena zimene uyenera kuchita. Kope lija linaonetsa zimene ndimachitadi, ndipo zambiri mwa izo sizinalembedwepo paliponse.

Uthenga wa pakhomo

Zolemba za munthu wopita kutchuthi chachitali ndi ziwiri, ndipo sizifanana ngakhale pang'ono. China ndi uthenga wodziyankha wokha pa imelo, umene aliyense wokulembera amaulandira: kasitomala, wogulitsa katundu, mlendo, ngakhale wakuba. China ndi kalata ya munthu mmodzi amene akutsala pampando wako. Choyambacho chili ngati pepala lomata pachitseko, chinene zochepa. Chachiwiricho chinene zonse. Anthu ambiri amazitembenuza: pachitseko amaulula za m'nyumba, m'kalata amalemba mizere isanu.

Uthenga wanga unali wotere:

"Zikomo polemba. Sindili mu ofesi kuyambira Lolemba pa 3 Juni, ndipo ndidzayambanso ntchito Lolemba pa 29 Julayi. M'nyengo imeneyi sindikuwerenga maimelo, ndipo uthenga wanuwu sunatumizidwe kwa munthu wina. Ngati ndi za mainvoisi kapena malipiro, lemberani a Uje pa adiresi ya ofesi ya zachuma ili m'munsiyi, kapena imbani nambala ya ofesi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4:30 madzulo. Zina zonse, chonde mudzalembenso ndikadzabwera."

Tsiku lobwerera ndinalilemba lonse, ndi dzina lake la pa sabata, chifukwa mawu akuti "ndibwera posachedwa" kapena "pakatha miyezi iwiri" sathandiza munthu amene akuwawerenga pakati pa Julayi. Ndipo ndinalemba tsiku loyamba kugwira ntchito, osati lomaliza la tchuthi, kuti pasakhale kuwerengera.

Mzere wofunika koposa ndi wachitatu uja. Anthu ambiri amaganiza kuti ukalandira yankho lotere ndiye kuti kalata yako yapita kwa wotsalayo. Ayi. Uthenga wodziyankhawu umangoyankha basi, ndipo imelo yako imakhala chigonere m'bokosi la munthu amene kulibe. Kuti maimelo azipita kwa wina pamafunika lamulo lapadera limene umaliika wekha. Ine sindinaliike, chifukwa m'bokosi langa mumafikanso nkhani za malipiro ndi ngongole za anzathu a pantchito, zosayenera kuonedwa ndi aliyense. Ndiye ndinayenera kuuza wolembayo mosabisa kuti kalata yake sinafike kwina, kuti aitumizenso yekha. Kampani ya galimoto ya Daimler ku Germany inafika patali pa mfundo yomweyi mu 2014: inalola antchito ake kusankha kuti maimelo ofika ali patchuthi azifufutika okha, wolembayo n'kuuzidwa zimenezo ndi dzina la munthu wina womuthandiza. Sindinafike pamenepo, koma mawu akuti "mudzalembenso" amagwira ntchito yofananayo. Amandimasula ku mulu wa makalata a miyezi iwiri amene ambiri mwa iwo adzakhala atatha kale ntchito.

Ndinatchula munthu mmodzi. Mapanga awiri avumbwitsa: ukalemba kuti "lemberani a Uje kapena a Uje", wolembayo amatumiza kwa onse awiri, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake wayankha. Ngati nkhani zili zamitundu iwiri, mtundu uliwonse ukhale ndi mwini wake mmodzi. Ndipo munthuyo umuuze kaye. Ndinaonapo mnzathu akudziwira kwa kasitomala wokwiya kuti dzina lake lili mu uthenga wa wina.

Chifukwa chochokera sindinachilembe. Mwambo wathu womwe sulola kulengeza pakati kwa alendo, ndipo pano mwambo ukugwirizana ndi chitetezo. Pali akuba amene amatumiza maimelo kumakampani n'cholinga chongoona mayankho otere. Akadziwa kuti akauntanti kulibe mpaka pa 29 Julayi, kuti ali kuchipatala, ndiponso dzina la wotsala, amalembera wotsalayo ngati kuti ndi kampani yotigulitsa katundu: tasintha banki, tinagwirizana kale ndi amayi asanachoke, tumizani ku akaunti yatsopanoyi. Amadziwa kuti wotsalayo achita manyazi kuimbira munthu wodwala. Choncho mu uthenga wopita kunja simuyenera kukhala chifukwa, kumene uli, nambala yako ya m'manja, kapena mayina a abwana osaina macheke.

Pulogalamu ya Outlook imathandiza pamenepa. Ukalowa pa File n'kusankha Automatic Replies, umapeza malo awiri olembapo, Inside My Organization ndi Outside My Organization. Oyambawo ndi a anzako a pantchito, ndipo pamenepo ukhoza kunena zambiri: wosaina mafomu a alawansi ndani, makiyi ali ndi yani. Achiwiriwo ndi a dziko lonse. Pa Gmail malo ake ali mu Settings, pansi pa General, ndipo pali kabokosi kosankha kuti yankho lizipita kwa okhawo amene ali pa mndandanda wa anthu ako. Ziwirizi zimasiyana pa chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Outlook amayankha munthu aliyense kamodzi kokha pa nyengo yonse, pamene Gmail amamuyankhanso akalembanso patapita masiku anayi. Ndiye amene analandira yankho la Outlook pa 4 Juni, akalembanso pa 10 Julayi ataiwala, samva kanthu, ndipo amaganiza kuti ukumunyalanyaza. Anthu ofunika kwambiri usadalire makina kuti awauze. Ine ndinasankha anthu khumi ndi awiri amene timalemberana kawirikawiri n'kuwadziwitsa ndekha, sabata ziwiri ndisanachoke.

Pali msampha wina wa makampani ang'onoang'ono. Ngati imelo ya kampani si ya Exchange kapena Microsoft 365, batani la Automatic Replies silioneka, ndipo ena amapanga lamulo loyankha pakompyuta yawo ya pa desiki. Lamulo limenelo limagwira ntchito pokhapokha kompyutayo ili yoyaka ndipo Outlook ali wotsegula. Magetsi akangothima kamodzi, uthengawo wafa, ndipo palibe akudziwa. Njira yabwino ndi kuuika pa tsamba la imelo la pa intaneti, kumene sudalira kompyuta ya munthu. Poyesa, dzitumizire imelo kuchokera ku adiresi yako ina, osati ya ku ofesi, ndipo uwerenge yankholo pafoni monga angaliwerengere mlendo.

Chilankhulo nacho chiganiziridwe. Mu 2008, khonsolo ya mzinda wa Swansea ku Wales, kumene zikwangwani zapamsewu zimalembedwa m'Chingerezi ndi m'chilankhulo cha komweko, inatumiza mawu kwa womasulira. Yankho linabwera m'chilankhulo chakecho, ndipo analisindikiza pachikwangwani n'kuchizika pamsewu. Mawuwo sanali kumasulira ayi: unali uthenga wodziyankha wokha, wonena kuti munthuyo sali mu ofesi. Amene anaulandira sankatha kuuwerenga. Ifenso timalemba mauthengawa m'Chingerezi chokha, pamene otibweretsera katundu ena, eni malole ndi amisiri, amamasuka m'Chichewa. Wanga ndinaulemba m'zilankhulo zonse ziwiri, wina pansi pa unzake.

Ndisabise, ntchito yambiri ya masiku ano siyenda pa imelo. Imayenda pa WhatsApp, pa nambala ya munthu, kumene kulibe chitseko chomatapo pepala pokhapokha ngati uli ndi WhatsApp Business, imene ili ndi Away message. Ine ndinapempha kampani kuti igule layini ya ofesi ya zachuma, ndinaiika m'foni yotsala pa desiki, ndipo nambala imeneyo ndi imene ndinapatsa anthu khumi ndi awiri aja. M'magulu a ku ofesi ndinalowetsamo mnzanga wotsalayo, ine n'kutulukamo. Ena anadabwa ngati ndakwiya. Ndinawafotokozera kuti ndikakhalamo ndiziwerenga, ndipo ndikawerenga ndiziyankha.

Kalata ya munthu mmodzi

Wotsala pampando wanga anali mnyamata wanzeru koma wamanyazi, wa zaka ziwiri pantchito. Kalata yonse ndinailemba ndikumuona iyeyo m'maganizo, atakhala yekha, 3 koloko masana, abwana ali ku Lilongwe.

Tsamba loyamba linali kalendala, osati mndandanda wa maudindo. Kulemba kuti "kulipira misonkho pa nthawi yake" n'kusanena kanthu. Ndinalemba masiku. Pofika pa 14 Juni, PAYE ya malipiro a Meyi ndi msonkho wodula pa ndalama za otigulitsa katundu zikhale zitafika ku MRA kudzera pa Msonkho Online, ndipo penshoni ya Meyi, 10 peresenti ya kampani ndi 5 peresenti ya wantchito, ikhale itatumizidwa, chifukwa nayo ili ndi masiku 14 mwezi ukatha. Pofika pa 25 Juni, VAT ya Meyi. Pa 27 Juni, malipiro. Pambali pa tsiku lililonse ndinalembanso tsiku loyambira kukonza, chifukwa tsiku lomaliza lokha limapusitsa: VAT ya pa 25 imafuna kuti mainvoisi onse akhale atasonkhanitsidwa pofika pa 15.

Julayi ndi amene ankandidetsa nkhawa. Munthu amene wadutsa bwino Juni amaganiza kuti wadziwa njira, koma chaka chathu cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pa 30 Juni panali kutha kwa miyezi itatu yoyamba. Zimenezi zimabweretsa misonkho iwiri imene mu Juni munalibe: wa zinthu zimene kampani imapatsa antchito pamwamba pa malipiro, monga nyumba ndi galimoto, wofunika pofika pa 14 Julayi, ndi msonkho wolipiriratu wa phindu la kampani, wofunika pofika pa 25 Julayi. Kuwonjezera apo, chaka chimenecho 14 Julayi linali Lamulungu, ndiye ndinalemba kuti zonse zilipidwe Lachisanu pa 12. Ndipo popeza 6 Julayi, tsiku la ufulu, linagwera Loweruka, holide inasunthira Lolemba pa 8, sabata imeneyo n'kutsala ndi masiku anayi okha ogwira ntchito. Zotere palibe angazione ngati sunakhale pansi ndi kalendala yeniyeni n'kuyenda nayo tsiku ndi tsiku. Zikaphonyeka, MRA imaika chindapusa, ndipo kalata yake imafika iwe utabwerera kale.

Gawo lachiwiri linali la nkhani zosatha, ndipo apa ndi pamene makalata ambiri amagwera. Munthu amalemba kuti "tsatirani za wa matayala", n'kuona ngati wamaliza. Wotsalayo sadziwa kuti nkhaniyo ili pati, chatsala n'chiyani, ndipo mawu omaliza ananena ndani. Ine ndinalemba motere. Tinaitanitsa matayala 10 a lole pa K200,000 lililonse, invoisi yonse K2,000,000. Asanu ndi limodzi anali oyenera ndipo tinalipira K1,200,000 pa 20 Meyi. Anayi anali a saizi yolakwika, ali kusitolo, ndipo K800,000 yotsalayo taigwira mpaka atawasintha. Tinagwirizana pafoni, ndipo kalata yotsimikizira ili m'fayilo yobiriwira, shelefu yachiwiri. Usalipire mpaka woyang'anira sitolo atasaina kuti walandira anayi atsopano. Bamboyo adzakuimbira n'kunena kuti ndinalonjeza kulipira mwezi usanathe. Sindinalonjeze.

Mawu omalizawo ndi amene anamuthandiza kwambiri, monga anadzandiuzira. Wolowa m'malo amafooka pamene munthu wamkulu amuuza kuti "tinagwirizana kale ndi amayi", chifukwa alibe choyankha. Nkhani iliyonse yosatha inene pamene yafika, chotsatira, tsiku lake, kumene kuli mapepala, ndi zimene walonjeza kapena kukana. Zinali khumi ndi zinayi. Zitatu mwa izo, nditaziyang'anitsitsa, ndinaona kuti n'zosavuta kuzimaliza ndekha kusiyana ndi kuzifotokoza, ndipo ndinazimaliza.

Za anthu ndinalemba mwachidule ndiponso mosamala: uyu amayankha foni osati imelo, uyu umupeze m'mawa, uyu usamutumizire invoisi yopanda chidindo. Za khalidwe la munthu ndinamuuza pakamwa. Kalata imayenda, ndipo tsiku lina imawerengedwa ndi amene wamunenayo.

Kenaka ndinalemba malire. Akhoza kulipira yekha chilichonse cha mwezi ndi mwezi chimene chili pa kalendala. Choposa K500,000 chimene sichili pa kalendala, afunse abwana a zachuma. Asasinthe nambala ya akaunti ya wotigulitsa katundu aliyense chifukwa cha imelo kapena uthenga wa pafoni, ngakhale utakhala ndi dzina langa: aimbe kaye pa nambala yakale imene ili m'fayilo, osati imene yabwera ndi uthengawo. Safunsa anadya phula, koma mnyamata wamanyazi safunsa ngati sunamulembere kuti afunse ndani. Tsamba limeneli abwana analisaina, kuti mphamvu zake zisakhale za pakamwa.

Makiyi

Apa ndi pamene mayi aja anagwera, ndipo ndinapapatsa nthawi yochuluka. Njira yachidule imene ambiri amatenga ndi kusiyira mnzawo pasiwedi pakapepala. Imaoneka yachifundo koma ndi yoopsa kwa onse awiri. Chilichonse chimene angachite chimalembedwa m'dzina lako, ndipo ndalama zikasowa, mabuku adzaonetsa kuti unazitumiza iwe tsiku limene unali m'chipatala. Komanso pasiwedi yokha siitsegula banki ngati nambala yachinsinsi ikupitabe pafoni yako.

Chofunika ndi chakuti wotsalayo akhale ndi khomo lakelake. Kubanki zimenezi zimafuna fomu ndi kalata yosainidwa ndi eni akaunti, ndipo sizitha tsiku limodzi. Zathu zinatenga pafupifupi masabata atatu, chifukwa fomu yoyamba inabwezedwa posowa siginecha imodzi. Tikanayamba sabata yomaliza, bwenzi foni yanga ikulira.

Tinapezanso vuto limene sindinaliganizire. Pa akaunti ya kampani, wina amalowetsa malipiro, wina n'kuvomereza, kuti munthu mmodzi asathe kutulutsa ndalama yekha. Masiku onse mnyamatayo ndiye ankalowetsa, ine n'kuvomereza. Akanatenga udindo wanga pamwamba pa wake, akanakhala wolowetsa ndi wovomereza yemwe. Tinagwirizana kuti iye apitirize kulowetsa, kuvomereza kupite kwa abwana a zachuma, ndipo abwanawo anayenera kuphunzitsidwa mabatani amene anali asanawagwirepo.

Zogwirika ndi manja tinaziwerengera limodzi. Ndalama za m'kabokosi tinaziyala patebulo, tinaziwerenga pamodzi ndi marisiti, n'kulemba kuchuluka kwake ndi tsiku, tonse awiri n'kusaina. Tinalembanso nambala ya cheke yomaliza kugwiritsidwa ntchito, makiyi a sefa ndi chidindo. Iye anachita manyazi, akuti, "Amayi, ngati simundikhulupirira?" Ndinamuuza kuti pepalalo likuteteza iyeyo: pakadzasowa K20,000, lidzaonetsa ngati inasowa ine ndisanachoke kapena nditachoka.

Mwezi woyesa

Kalata siidziwika ubwino wake poiwerenga. Wolemba amaona zonse zili m'malo chifukwa mipata amaidzaza ndi mutu wake, ndipo wolandira akafunsidwa ngati wamva amangoti "eya, amayi". Choncho mwezi wa Meyi wonse ndinamupatsa mpando. Misonkho ya pa 14, VAT ndi malipiro a pa 27 anachita iyeyo, akutsatira kalata, ine nditakhala kumbuyo kwake manja ali pamimba. Pangano linali lakuti akakakamira ndisamuuze msanga, ayambe wafufuza m'kalatamo. Akalephera, ndiye kuti cholakwa ndi cha kalata, ndipo tinkaikonza pomwepo.

Inalephera kangapo. Fayilo yowerengera maovataimu inali pakompyuta yanga yokha, osati pamalo amene tonse timafikapo. M'fayilo ya malipiro munali bokosi limodzi limene ndinkalisintha ndi dzanja mwezi uliwonse, la ngongole ya wantchito wina, ndipo kope langa lomwe silinaligwire. Chachitatu chinatitengera ola lathunthu: banki inakana fayilo yonse ya malipiro osanena chifukwa chomveka. Nditayang'ana ndinakumbukira kuti makina awo salandira kachizindikiro kaja kamene kali m'mayina athu okhala ndi ng', ndipo ine ndinkakachotsa mwezi ndi mwezi osaganiza n'komwe. Chikanachitika pa 27 Juni, anthu makumi anayi akanagona osalandira.

Pomaliza tinalemba za kundiimbira. Kunena kuti "musandiimbire" sikugwira, ndipo kunena kuti "mukavutika imbani" ndi kutsegula chitseko chonse. Tinagwirizana kuti masabata atatu oyamba kulibiretu. Pambuyo pake, munthu mmodzi yekha, mnyamatayo, akhoza kunditumizira uthenga umodzi Lachisanu, wa mafunso amene iye ndi abwana alephera, ndipo ndidzayankha ndikapeza mpata.

Mwana anabwera Lachitatu pa 29 Meyi, masiku asanu tchuthi chisanayambe. Uthenga wa pa imelo unali utatcheredwa kuti udzayambe pa 3 Juni, koma m'kalata ndinali nditalemba kuti zikatero wa makompyuta auyatse ndi kukonza tsikulo, ndipo anatero m'mawa wa Lachinayi. Masabata 8 anathera pa 23 Julayi, ndiye ndinawonjezera masiku atatu a tchuthi chapachaka kuti tsiku la 29 limene ndinauza anthu lisasinthe.

Uthenga wa Lachisanu unabwera kamodzi, chapakati pa Julayi. Inshuwalansi ya lole inali kutha kumapeto kwa mweziwo, ndipo kalata yokumbutsa inali itagona m'bokosi langa la imelo. Chinali chinthu cha kamodzi pa chaka, ndipo kope langa la Epulo silikanachiona. Anazindikira ndi dalaivala, poyang'ana kapepala ka pagalasi. Ndinayankha ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwana, kuti mapepala ali m'fayilo yofiira.

Pa 29 Julayi ndinazimitsa uthenga uja ndisanatsegule imelo iliyonse. Pa desiki ndinapeza kalata yanga ija, m'mphepete mwake mutadzaza zolemba za bolopeni, ndi masamba awiri atsopano a mnyamatayo: zimene zatha, zimene zatsala, ndi kuti matayala anayi aja anasinthidwa pa 19 Juni. Tinawerengeranso ndalama za m'kabokosi n'kusaina. Kenaka ndinatenga mabuku a chaka chathachi, n'kuyamba kutsitsa mwezi ndi mwezi, kufunafuna zina zonse zimene timalipira kamodzi pa chaka, ndipo ndinazilemba pa tsamba latsopano kumapeto kwa kalatayo: inshuwalansi, chiphaso cha bizinesi, msonkho wa malo wa kukhonsolo.